Dziwe la Dzombe Likuphwa

Lumo anatsegula kakiyosiki kake m'mawa umenewo ali mayi wolemera, koma kulemerako kunali kwa pafoni pokha. Dzinalo anamupatsa ndi anthu a mumsewumo chifukwa cha lilime lake. Kakiyosikiko kanali ka malata, kothinana pakati pa shopu ya mafoni ndi malo ometera, ndipo anthu ankabwera kudzaika ndi kudzatapa ndalama za pafoni. Ntchito imeneyi imayenda ndi fuloti, ndalama zako wekha zimene zimazungulira tsiku lonse, zina m'kabati, zina mufoni. Wopanda fuloti si mwini bizinesi, ndi mlonda wa malata.

Tsono fuloti ya Lumo, yoposa theka, inali itapita kokayenda. Anaisintha kukhala madola a pafoni okwana chikwi chimodzi, n'kugulira tokeni ina yatsopano yotchedwa Dzombe, mtundu wa ndalama za pa intaneti zimene mtengo wake umakwera n'kutsika.

Sikuti anamupusitsa ayi. Lumo anali atasewera ndi matokeni kwa nthawi ndithu, ndipo fungo la msampha ankalidziwa. Dzombe inabadwa dzulodzuloli. Eni ake sankadziwika nkhope. Pagulu lake la pafoni ankangoimba nyimbo imodzi, yoti posachedwa ilowa pamsika waukulu, ndipo wofunsa za kugulitsa uthenga wake unkafufutidwa asanaphethire. Mawaleti asanu okha, timatumba ta pafoni tosungiramo matokeni, anasunga matokeni ochuluka kuposa anthu ena onse kuwaphatikiza. Zonsezi anaziona ndi maso ake. Anangodziuza kuti eni akewo akamapopa mtengo iye akwera nawo, n'kutsika iwo asanakhuthulire katundu wawo pamitu ya anthu. Ankadziyesa mbewa yochenjera, yodya nyambo n'kusiya diwa lili chiimire.

Anali ndi kachizolowezi kake kodzitetezera. M'mawa uliwonse ankagulitsa kachidutswa ka madola asanu kapena khumi, kuti aone ngati khomo lotulukira likadali lotsegula, pakuti alipo matokeni ena amene amalola kugula koma kugulitsa ayi. Kachidutswako kankadutsa bwinobwino, mtima wake n'kukhala m'malo.

Tsikuli waleti inkaonetsa madola zikwi ziwiri. Zakwana, anatero mumtima. Anakhala pampando wake wautali, foni ya ntchito kumanzere, yakeyake kumanja, n'kulemba kuti akugulitsa matokeni onse. Asanadine, foni inamuonetsa zimene alandire. Madola mazana asanu ndi limodzi ndi timakumi pang'ono. Pansi pake panali chenjezo lofiira, loti kugulitsa kumeneku kugwetsa mtengo kwambiri.

Anafufuta. Analembanso. Yankho lomwelo.

"Amayi, nditape," anatero kasitomala pazenera.

"Zingati?" Anamuthandiza osamuyang'ana n'komwe, chala chakumanja chili pafoni inayo.

Matokeni aang'ono ngati Dzombe sagulitsidwa pamisika ikuluikulu pomwe ogula ndi ogulitsa amadzaza. Amagulitsidwa padziwe. M'dziwemo mbali ina muli matokeni, mbali ina madola. Wogula amaponya madola n'kutenga matokeni, mtengo n'kukwera. Wogulitsa amaponya matokeni n'kutenga madola, mtengo n'kutsika, ndipo tokeni iliyonse imene waponya imapita motchipa kuposa inzake yoyamba. Dziwe likakhala lakuya, ndowa imodzi siisintha kanthu. Likakhala losaya, ndowa yomweyo imatunga matope. Nambala ya muwaleti siidziwa zimenezi. Iyo imangotenga mtengo wotsiriza n'kuuchulukitsa ndi matokeni ako, ngati kuti kunja kuli anthu afola kudikira kukugula.

Tsiku limene Lumo ankagula, anayang'ana dziwelo n'kupeza kuti mbali ya madola ndi yonenepa ndithu, yoposa kakhumi zimene iye ankaponya. Kuyambira pamenepo sanaliyang'anenso. Tchati cha mtengo chinkakwera, kachidutswa ka m'mawa kankadutsa, basi. Tsopano anatsegula tsamba limene limaonetsa chilichonse chochitika pa tokeniyo, n'kutsika nalo m'munsi, masiku akumbuyo. Waleti imene inapanga Dzombe inkachotsa ndalama m'dziwe pang'onopang'ono, lero kachigawo, mawa kachigawo. Kuchotsa kotere sikugwedeza mtengo chifukwa amatenga mbali zonse ziwiri mofanana, moti pa tchati sipaoneka chipsera. Mbali ya madola munali mutatsala chikwi chimodzi chokha. Tokeni imene pagulu ankati ndi ya mamiliyoni awiri inkayandama pa madzi osamiza n'chidendene chomwe.

Nanga chithunzi chimene eni ake ankatumiza pagulu tsiku lililonse, choti dziwe ndi lokhoma? Chinali choona, koma anakhoma kachigawo kakang'ono kokha, kameneka katsalaka. Ndipo loko ameneyo saletsa mawaleti asanu aja kugulitsa mulu wawo n'kukokolola madola onse. Nanga malonda ankaoneka akuthamanga aja? Anayang'anitsitsa. Mawaleti omwewomwewo, kugula n'kugulitsa ndalama zofanana, kupatsirana mpira okhaokha kuti odutsa aziona ngati pali msika. Ogula enieni anali atauma. Ankabwera mmodzimmodzi, ndi timadola ta chenje.

Lumo anaimirira. Kakiyosikiko kanalibe malo oti munthu n'kuyendayenda, ndiye anakhalanso. Anatsegula kabati, anatseka. Anapukuta zenera loyera kale.

"Akazi anga aakulu! Mwadzuka bwanji, kapena mukadali kulota za ine?"

Anali mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, bambo wowotcherera zitsulo amene anali ndi shedi kumapeto kwa msewu womwewo. Anaima pazenera ndi ovolosi yake yobowoka ndi moto, magalasi akuda ali pachipumi.

"Ndikalota inu ndimadzuka ndi mutu, alamu. Mwasamba lero? Dzimbiri likuchita kununkhira kuno."

"Ndiwo mafuta a mwamuna amenewo. Tamverani, ndithandizeni. Ndili ndi ndalama mufonimu, ndikufuna madola a pafoni aja. Inu mumadziwa ogulitsa osaba."

Anamupatsira foni pazenera. Lumo anaona ndalamazo n'kudzutsa mutu.

"Izi si za mashini zija?"

Aliyense pabanjapo ankadziwa za ndalama zogulira mashini yowotcherera yatsopano. Yakale inkazima ikangotentha, ndipo ntchito za mageti akuluakulu zinkamudutsa mlamuyo pamphuno. Iye ndi mkazi wake anali atadzimana kwa nthawi yaitali, moti ana ankati nyama inasamuka pakhomopo.

"Ndi zomwezo. Zikupita kukabereka, zibwera ndi ana. Ndikugula Dzombe."

"Wakuuzani ndani za Dzombe?"

"Kandulo. Ndipo musandinamize nkhope, wandiuza kuti inunso munagula. Ine ndinati ngati Lumo, amene amaluma ndalama yachitsulo asanailandire, waponyamo zake, ine ndine ndani? Abwera nthawi ya nkhomaliro kushedi kudzandidinira. Akuti foni ikalemba zofiira ndisaope, ndingovomera."

Lumo anatsegula pakamwa. Mawu analipo, ali chile, ndipo mawu sankamusowa chibadwire. Koma mutu wake, umene unazolowera kuwerengetsa mofulumira kuposa makina, unali utathamangira kale kutsogolo. Ndalama za mlamuyo zinali pafupifupi madola chikwi chimodzi. Zikagwera m'dziwe lija, mbali ya madola ikhala kawiri, mtengo ukwera kanayi. Iye akagulitsa pomwepo, mphindi yomweyo, atuluka ndi zonse zimene anaponyamo ndi theka lina pamwamba. Mlamuyo atsala ndi matokeni osakwana ngakhale madola zana limodzi.

Anatseka pakamwa. Anapeza wogulitsa madola amene ankamudalira, anatumiza ndalama, anadikira, madola analowa.

"Zatheka," anatero.

"Ndikalemera ndikukwatirani inunso, ndikumangireni kiyosiki ya njerwa."

"Yambani mwagula sopo."

Mlamuyo anapita akuseka, nsapato zake zachitsulo zikugogoda m'mphepete mwa msewu.

Makasitomala anabwera, anapita. Wina Lumo anamubwezera chenje choposa, kasitomalayo n'kuchita kumukumbutsa, zimene sizinachitikepo pakiyosikipo. Ankatsegula tsamba lija mphindi iliyonse kuona ngati mawaleti asanu aja ayamba kugulitsa. Anali duu. Nawonso ankadikira nsomba yonenepa.

Dzuwa litakwera anatulukira Kandulo. Anali mwamuna wa jekete yothina ndi mafoni awiri, amene kale ankagulitsa inshulansi. Dzinalo linachokera ku timizere ta pa tchati timene amatitcha makandulo, pakuti iye sankatha chiganizo osatchula makandulo obiriwira. Anali mmodzi wa oyang'anira gulu la Dzombe, ndipo aliyense wa mumsewumo amene anagula anadzera kwa iye.

"Mayi wa mabwana! Mwaona m'mene tikuulukira?"

"Dziwe laphwa, Kandulo."

Kandulo anayang'ana kumanzere ndi kumanja, n'kulowetsa mutu pazenera.

"Tsitsani mawu. Akuluakulu akusamutsa ndalama, akukonzekera msika waukulu."

"Akuluakulu ake ati? Unawaonapo? Ali ndi mphuno?"

"Timalemberana."

"Anakupatsa matokeni aulere kuti uzibweretsa anthu. Iwenso wakanirira m'matope ngati ine. Kusiyana kwake n'koti iwe sunaponyemo kanthu."

Kandulo anamwetulira ndi mano okha. "Ndiye mukudziwa kuti tonse tikufuna mvula. Alamu anu akubwera ndi mtambo wabwino. Inu khalani phee. Akangodina ndikutumizirani uthenga, mutulutseko kachigawo. Osati zonsetu, mungatiphere tchati."

"Ndipo iyeyo?"

"Iyeyo adikira wina. Ndili ndi dalaivala wa thiraki amene akuganizira. Msika umayenda choncho, mayi. Aliyense amagulitsa kwa wina. Inu pogula munkaganiza kuti mudzagulitsa kwa ndani, kwa angelo?"

Kandulo anagogoda malata ndi chala kawiri n'kumapita.

Funso limenelo linatsala mukiyosikimo ngati ntchentche. Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti phindu lake lidzachokera m'thumba la munthu wobwera mochedwa. Koma munthuyo ankamuganizira ngati nambala ya waleti, zilembo zosawerengeka za kutsidya kwa nyanja. Sankamuganizira atavala ovolosi.

Anayesa kudziuza zina. Mlamuyo ndi munthu wamkulu, ali ndi ndevu zake. Iye sanamuitane. Akamuletsa lero, mawa Kandulo amupezera ina. Ndipo ngati ndalamazo zikupita ndithu, si bwino zitsale m'banja kusiyana n'kuti zidyedwe ndi anthu opanda mphuno? Angathe kudzamubwezera pang'onopang'ono, mwakachetechete, podzera kwa mng'ono wake. Ganizo limeneli analitembenuza kangapo, ndipo mbali iliyonse linkaoneka losalala. Kusalalako n'kumene kunkamunyansa.

Anayesanso kuganiza za mawa atataya fulotiyo. Kasitomala wa ndalama zambiri ukamubweza kamodzi amapita kwa mnzako wa patsidya pa msewu, ndipo sabweranso. Kakiyosiki aka anakamanga yekha, mwamuna atamusiyira ana ndi mpando umodzi.

Foni inalira. Anali mng'ono wake.

"Asisi, abambo a ana anafika kumeneko?"

"Anafika."

"Ine mtima uli m'mwamba. Tinakangana mpaka ana kuthawira panja. Koma atati inunso munagula ndinangoti chabwino. Inu simulowa m'madzi osaponyamo mwala. Zili bwino eti?"

Panja njinga yamoto inadutsa ikulira ngati yapsa mchira. Lumo anadikira kuti phokosolo lithe, ndipo linatha msanga kuposa m'mene ankafunira.

"Ndili ndi kasitomala," anatero. "Ndikuimbira."

Panalibe kasitomala. Anakhala akuyang'ana foni ya ntchito, kenako inayo. Anatsegula pogulitsira, analemba matokeni onse, n'kusiya chilichonse chili chokonzeka, kungotsala kudina. Uthenga wa Kandulo sankaukhulupirira. Munthu woteroyo amakuuza kuti thawa iye atafika kale kutsidya. Ngati agulitsa pamsana pa mlamu wake, ayenera kukhala pomwepo, akuona chala chikutsika. Anatsitsa chitseko cha zenera, anakhoma, n'kuuyamba ulendo wa kushedi. Wometa anamufuulira kuti kodi mwatseka masanasana mwalemera, iye osacheuka.

Msewu unali wotentha. Anadutsa ogulitsa matayala, anadutsa famase, analumpha ngalande. Foni inali m'manja, chala chachikulu chili pambali kuti chisadine mwangozi. Ali m'njira anasintha maganizo maulendo osawerengeka, ndipo pofika pakhomo la shedi sankadziwa kuti wabwera kudzatani.

Mushedimo munali fungo la chitsulo chopsa. Geti losamaliza linatsamira khoma, mashini yakale ili pakona, waya wake womangidwamangidwa ndi tepi. Mlamuyo anakhala pachigoba cha injini atavula golovesi imodzi, foni ili pabondo. Kandulo anawerama pambali pake.

"Onani, akazi anga abwera kudzachitira umboni," anatero mlamuyo. "Khalani apo, pukutani kaye."

Lumo sanakhale. Anaima kumbuyo kwawo, pomwe ankatha kuona foni ya mlamuyo. Madola onse anali atalembedwa. Chenjezo lofiira linali pomwepo, likunena kuti kugula kumeneku kukankha mtengo kwambiri moti alandira theka lokha la matokeni amene mtengo wa pa tchati ukulonjeza.

"Zofiirazi zikutanthauza kuti ndinu bwana wamkulu, msika ukukumvani," ankatero Kandulo. "Dinani apa kuti mwavomera, kenako apa."

Lumo anakweza foni yake pang'ono. Ndipo pamenepo anaona dzanja lamanzere la Kandulo. Linali kumbuyo, m'munsi mwa jekete, litagwira foni yachiwiri. Pafonipo panali tsamba lofanana ndendende ndi lake. Matokeni onse olembedwa, chala chachikulu chili m'mwamba, chikudikira. Anthu awiri ataimirira kumbuyo kwa bambo mmodzi wokhala pansi, aliyense ndi chala chake, ndipo kwinakwake mawaleti asanu aja nawo ali tcheru.

Kaya chinamugwira ndi chisoni, kaya n'kuzindikira kuti pa mpikisano umenewu akhoza kutsalira n'kutaya zonse pamodzi ndi mlamu yemwe, iye mwini sakanatha kulekanitsa. Chala cha mlamuyo chikufufuzabe podina, Lumo anadina chake.

"Alamu, dikirani. Yang'anani tchati."

Panapita kamphindi. Kenako pa tchatipo panatsika kandulo imodzi yofiira, yaitali ngati mzati, kuchokera pamwamba mpaka pafupi ndi pansi. Mtengo unatsala kagawo kamodzi mwa magawo asanu ndi atatu.

"Chachitika n'chiyani?" Mlamuyo anagwedeza foni ngati yawonongeka.

"Ndagulitsa ine."

"Mayi inu!" Kandulo anadzuka. "Mwapenga? Tinagwirizana chiyani?"

"Munagwirizana?" anafunsa mlamuyo.

Kandulo anabweza nkhope ya malonda msangamsanga. "Abwana, uwu ndiye mwayi. Onani, ndalama zomwezo tsopano zikugula matokeni ochuluka. Yatchipa! Anthu amapemphera kuti apeze mtengo uwu. Mayiwa ndi amantha, komanso ansanje, safuna kuti mulemere."

Mlamuyo anayang'ana foni. Zinali zoona, nambala ya matokeni inali itakula. Lumo anaona chala chija chikubwereranso.

"Alamu, ndifunseni kuti ndine ndani."

"Ndinu Lumo, nanga ndinu ndani."

"Ndine mayi wa kiyosiki ya malata. Ndilibe galimoto, ndilibe nyumba. Chinthu ichi akuti ndi cha mamiliyoni awiri. Ndiye ine ndachigwetsa bwanji ndi chala chimodzi? Mutati mwapanga geti, mwana n'kulitsamira n'kugwa, mungati latchipa?"

Mlamuyo sanaseke.

Lumo anamuonetsa foni yake. "M'mawa waleti imati ndili ndi sauzande ziwiri. Onani zimene zalowa. Sikisi handiredi ndi kanthu. Ndinaponyamo sauzande. Osayang'ana mtengo, mtengo ndi chithunzi cha pakhoma. Yang'anani apa, madola amene atsala m'dziwe. Ndi okhawa amene onse ogula Dzombe angagawane, ndipo anthu asanu asunga matokeni okwana kuwakolopa onse kambirimbiri. Mukaponya zanu dziwe lidzadza ndi ndalama zanu zomwezo, ndipo woyamba kutunga si inu."

"Akuluakulu abwezeretsa," anatero Kandulo, koma mawu ake ankapita pansi, pomwe maso ake anali. Dzanja lamanzere linali litatuluka m'jekete, chala chikugwira ntchito.

Mlamuyo anatambasula dzanja la golovesi n'kugwira mkono wa Kandulo, mosafinya kwambiri, monga amagwirira chitsulo chisanazizire. Anautembenuza kuti aone foniyo.

"Iwe ukuti ine ndigule. Nanga apa ukudina chiyani?"

"Ndikungoyesa ngati zikuyenda."

"Zikuyenda," anatero Lumo, akuyang'ana tchati. Kandulo ina yofiira inali itatsika pansi pa yoyamba ija. "Wagulitsa. Wapeza ya thiransipoti."

Kandulo anasolola mkono wake, anakonza jekete, n'kunena kuti anthu osauka amasauka chifukwa cha maganizo awo. Potuluka anapunthwa pa waya wa mashini, koma sanagwe. Foni ya Lumo inanjenjemera. Anali atachotsedwa pagulu.

Mlamuyo anafufuta nambala ija pafoni yake pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Anaika foniyo m'thumba la pachifuwa n'kumanga batani. Kenako anayang'ana geti losamaliza.

"Munadziwa liti?"

"M'mawa."

"Ndisanabwere kapena nditabwera?"

"Musanabwere."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene akuyeza chitsulo ndi maso.

"Ndiye munandigulira madola aja mukudziwa."

"Eya."

"Ndikanadina ine poyamba, inu n'kudina pambuyo, mukanapeza zingati?"

"Sauzande ndi hafu. Kandulo akanapanda kunditsogolera."

"Ine n'kutsala ndi?"

"Osakwana handiredi."

"Ndipo munabwera foni ili m'manja."

"Inali m'manja."

Lumo anadikira kuti mlamuyo akalipe, kapena aseke, kapena anene za akazi aakulu. Bamboyo anangotola golovesi inayo pansi n'kuikung'untha pabondo.

"Madolawa abwerera bwanji kukhala ndalama zathu?"

"Ndikugulitsirani. Mutayapo pang'ono pakusinthana, osati zambiri."

"Ayi. Mundionetse, ndidine ndekha."

Anamuonetsa. Anaima patali pang'ono, akuloza ndi chala osakhudza foniyo, ndipo mlamuyo ankawerenga chilichonse kawiri asanadine. Ndalama zitalowa anati zikomo, zikomo wake wa kwa munthu wachilendo amene wakulozera njira.

"Mng'ono wanga mumuuza?" anafunsa Lumo.

"Ndimuuza kuti sindinagule."

"Zinazo ndimuuza ndekha."

"Ndi m'bale wanu," anatero mlamuyo. Anatsitsa magalasi akuda kumaso, anayatsa chopalira zitsulo, ndipo moto unayamba kuthetheka kulowera kukhomo kumene Lumo anaima. Anasendera kumbuyo, anatuluka panja padzuwa, n'kuyang'ana nambala ya mng'ono wake. Inaitana kamodzi kokha.

"Asisi, mwanditaya mpaka pano. Zili bwino eti?"

"Ndalama zanu zilipo. Khala pansi, ndikuuze za mkulu wako."